Ku yunivesite palibe amene adzakuuzeni kuti mukutsalira

Mwana amene wakhoza bwino Giredi 12 ku Chizongwe, ku St Monica's, ku Chassa kapena ku Petauke amakwera basi ya m'bandakucha pa Chipata, n'kuyenda makilomita oposa 550 mumsewu wa Great East, kuwoloka mlatho wa Luangwa mpaka kukatsika ku Lusaka. Wina amapitirira mpaka ku Kabwe kapena ku Kitwe. Nzeru zake amapita nazo zonse. Chimene amasiya kumbuyo ndi anthu amene ankamuuza tsiku ndi tsiku ngati ali bwino kapena akutsalira, ndipo ana ambiri sadziwa n'komwe kuti asiya chinthu chotere mpaka zotsatira za tesiti yoyamba zitatuluka.

Taganizirani mmene sukulu yogonera pompo imayendera. Belu limakudzutsani. Mapulifekiti amaitana maina. M'kalasi muli ana makumi anayi kapena makumi asanu, ndipo aphunzitsi a masamu amakudziwani nkhope, dzina, ngakhale desiki imene mumakhala. Madzulo kuli pulepu ya maola awiri, mufune musafune. Kope la ntchito limatoleredwa n'kubwera lili ndi inki yofiira. Mukagwa pa tesiti ya mwezi, wina amakuitanani ku ofesi. Zonsezi zinkagwira ntchito imodzi: kukupimani pafupipafupi ndi kukuuzani zotsatira nthawi isanathe. Inu munkangowerenga, ntchito yoyang'anira inali ya ena.

Ku yunivesite ntchito imeneyo imagwera inu. Mu kozi ya chaka choyamba imene ophunzira ambiri amatenga, monga masamu kapena kemisitiri, m'chipinda chimodzi mumakhala anthu mazanamazana. Alekichala amalankhula pa maikolofoni, amasintha masilaidi, ola likakwana amatuluka. Sakudziwani, ndipo si nkhanza: munthu mmodzi sangasunge nkhope zonsezo. Pa mapepala awo inu ndinu nambala ya kompyuta. Mukajomba Lolemba palibe amene adzafunse Lachiwiri. Mukajomba masabata atatu, mwina mnzanu wa m'chipinda yekha ndiye angadabwe.

Tsono apa pali msampha umene umagwira makamaka ana anzeru. Masabata awiri oyamba amabwereza zinthu zimene munaziona kale ku sekondale: maseti, mafankishoni, kuwerengera mamolo. Mumamva zonse, mtima n'kukhala pansi, n'kunena kuti aa, kani ndi zomwezi. Pofika sabata yachinayi liwiro lasintha. Mutu umene ku sekondale unkatenga masabata awiri, ndi zitsanzo khumi pa bolodi, pano ukutha mu lekicha imodzi ndi zitsanzo ziwiri. Komabe mukakhala m'chipindamo zimamvekabe, chifukwa amene akufotokozayo amaidziwa ntchito yake ndipo sitepe iliyonse ikuoneka yomveka pamene iye akuilemba. Kumva pamene wina akufotokoza ndi kutha kuchita nokha pa pepala lopanda kanthu ndi maluso awiri osiyana, ndipo mayeso amapima lachiwirilo lokha.

Choncho funso loyenera kudzifunsa sabata iliyonse ndi ili: kodi ndili ndi umboni wanji woti zimene taphunzira ndikutha kuzichita? Umboni umenewu umapezeka m'malo awiri, pa shiti ya mafunso a tutoriyo, imene ndi kalasi ya gulu laling'ono, ndi pa malikisi a CA, a matesiti ndi ntchito za m'kati mwa chaka. Tiyambe ndi CA, chifukwa ndi kumene masamu ake amaopsa.

Malikisi amene amatayika mayeso asanafike

Ku Giredi 12 mtima wonse unali pa mayeso a ECZ a kumapeto kwa chaka. Munthu ankatha kugona temu yoyamba, n'kudzuka mu Ogasiti ndi mapamfuleti ndi mapepala a mayeso akale, n'kukhozabe. Ku yunivesite giredi ya kozi imapangidwa ndi zigawo ziwiri: CA, imene ndi malikisi a matesiti, makwizi, maasayimenti ndi malipoti a labu a m'kati mwa chaka, ndi mayeso omaliza. Kagawidwe kake kamasiyana kozi ndi kozi. Kwina CA ndi 40 ndipo mayeso ndi 60, kwina ndi 50 ndi 50. Zimalembedwa pa autilaini ya kozi, kapepala kamene amagawa kapena kuika pa Moodle, webusaiti ya zophunzira, sabata yoyamba, kamene ambiri amakapinda n'kukaiwala m'chikwama. Kapepala kameneko kawerengeni ngati mmene mungawerengere pangano la ngongole.

Tiyerekeze mtsikana wochokera ku Katete amene akutenga masamu a chaka choyamba. Autilaini yake ikuti CA ndi malikisi 40: tesiti yoyamba 15, tesiti yachiwiri 15, ndi makwizi asanu a malikisi 2 iliyonse. Mayeso omaliza ndi 60. Tinene kuti kukhoza kumayambira pa 50.

Pa tesiti yoyamba wapeza 30 peresenti. Akudziuza kuti inali yoyamba, adzakonza. Koma 30 peresenti ya 15 ndi malikisi 4.5, kutanthauza kuti 10.5 apita ndipo sadzabweranso. Makwizi awiri anachitika m'matutoriyo amene iye sanapite, chifukwa ankaona ngati tutoriyo ndi yongobwereza. Pamenepo walemberedwa 0 kawiri. Pa atatu otsalawo wapeza 1.5, 1 ndi 1.5, onse pamodzi 4. Walimbikira, pa tesiti yachiwiri wapeza 50 peresenti, amene ndi 7.5. CA yake yonse ndi 4.5 + 4 + 7.5 = 16 pa 40.

Kuti afike pa 50 akufunika 34 pa 60 m'mayeso omaliza, pafupifupi 57 peresenti. Sanafikepo pamenepo pa matesiti onse awiri, ndipo pepala lomaliza limafunsa mitu yonse nthawi imodzi. Mnzake amene ali ndi CA ya 28 akufunika 22 pa 60 yokha, pafupifupi 37 peresenti, ndipo amalowa m'chipinda cha mayeso manja osanjenjemera. Nanga ngati onse awiri akufuna 70? Wa CA ya 28 akufunika 42 pa 60, amene ndi 70 peresenti, zotheka ndithu. Wa ku Katete uja akufunika 54 pa 60, amene ndi 90 peresenti.

Nambala yomalizayi ndi imene imapweteka. Ku UNZA, kwa zaka zambiri, ophunzira a sayansi ankayambira pamodzi chaka choyamba, chimene ankachitcha NS, kutenga masamu, fizikisi, kemisitiri ndi bayoloje, ndipo magiredi a chaka chimenecho ndiwo ankasankha amene apite ku udokotala, ku uinjiniya, ku zamigodi kapena ku zaulimi. Pamene pali mpikisano wotere, kungokhoza sikokwanira. Munthu akhoza kutaya maloto a udokotala m'masabata asanu ndi limodzi oyamba, iye akuganiza kuti akadali kuzolowera malo. M'mayunivesite ena muli lamulo loti CA ikachepa kwambiri, kapena munthu akajomba malabu angapo, saloledwa kulemba mayeso. Fufuzani ngati lamulo limenelo lilipo pa sukulu panu sabata yoyamba yomweyo.

Chochita chake n'chosavuta. Kumbuyo kwa kope la kozi iliyonse jambulani tebulo la mizere itatu: chimene chalembedwa, malikisi ake onse, ndi amene mwapeza. Pepala lililonse likabwera, lembani, kenako werengerani zimene zikufunika pa zotsalazo kuti mufike pamene mukufuna. Mtsikana uja akanachita izi atangolandira 4.5, akanaona kuti pa malikisi 85 otsala akufunika 65.5 kuti afike pa 70, pafupifupi 77 peresenti pa chilichonse chotsala, ndipo sakanajombanso tutoriyo ngakhale imodzi. Sunganinso mapepala onse ochongedwa mpaka zotsatira zomaliza zitatuluka. M'kalasi ya anthu mazana, malikisi amatha kusowa pa mndandanda kapena kulembedwa pa nambala ya munthu wina, ndipo pepala lanu lokhala ndi siginecha ya wochonga ndi umboni wokhawo umene angaumve.

Shiti ya tutoriyo

CA imakuuzani zoona, koma imalankhula mochedwa. Chimene chimalankhula sabata iliyonse ndi shiti ya tutoriyo, mndandanda wa mafunso umene umatuluka pa mutu uliwonse. Apa ndi pamene pamagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene ambiri amalakwitsa osadziwa kuti akulakwitsa.

Zimene zimachitika ndi izi. Shiti yatuluka Lolemba. Pofika Lachitatu wina wajambula mayankho ake n'kuwaponya pa gulu la WhatsApp. Mumawawerenga mzere ndi mzere, mukugwedeza mutu, zonse zikumveka, n'kukopera m'kope mwanu mwaukhondo. Kope ladzaza, maola atatu apita, mtima wakhutira kuti lero ndawerenga. Koma simunapime kanthu. Mwangoonera munthu wina akuganiza.

Njira imene imagwira ntchito ndi yowawa pang'ono. Tsekani notsi, ikani foni m'chikwama, tengani funso loyamba ndi pepala loyera. Dzipatseni mphindi khumi ndi zisanu. Mukalephera, tsegulani notsi, funani chinthu chimodzi chokha chimene chakuimitsani, tsekaninso, pitirizani. Pambali pa funso lililonse ikani chizindikiro: ✓ ngati mwalitha nokha, N ngati munasuzumira notsi, X ngati lakukanikani. Mukamaliza werengani. Pa mafunso 20, ngati a ✓ ndi 14 kapena kuposa, mutuwo uli m'manja. Ngati ndi 6, mukutsalira, ndipo mwadziwa zimenezi sabata yomweyo m'malo modzazidziwa pa tesiti. Mafunso a N abwerezeni pakapita masiku atatu, osaona yankho lakale. Mafunso a X ndiwo mupite nawo ku tutoriyo.

Onani chitsanzo chimodzi cha zimene njirayi imavumbula. Funso likuti pezani x yense amene akwaniritsa izi:

3/(x − 2) > 1

Dzanja lozolowera Giredi 12 limathamangira kuchulukitsa mbali zonse ndi (x − 2), n'kupeza 3 > x − 2, ndiye x < 5. Zikuoneka zaukhondo. Koma yesani x = 0, nambala imene ndi yochepera 5: mupeza 3/(−2), amene ndi −1.5, ndipo −1.5 saposa 1. Yankho lagwa. Chifukwa chake n'chakuti (x − 2) akhoza kukhala nambala yochepera 0, ndipo mukachulukitsa ndi nambala yotere chizindikiro cha > chimatembenuka. Yankho loona ndi 2 < x < 5. Amene anangokopera yankho loonalo pa foni sadzadziwa kuti dzanja lake lili ndi chizolowezi chimenechi, ndipo adzachichita pa tesiti. Amene analakwa yekha Lachiwiri usiku, n'kupeza chifukwa chake, sabwerezanso. Cholakwa chotere chilembeni pa tsamba lapadera m'mawu anuanu: "Ndisachulukitse ndi chinthu chimene sindikudziwa ngati chili pamwamba kapena pansi pa 0. Ndiyese yankho ndi nambala imodzi." Pofika nthawi ya mayeso tsamba limenelo limaposa notsi zonse, chifukwa muli zofooka zanu zokha.

Amene akuphunzira zamalamulo, zauphunzitsi kapena mbiri asaganize kuti izi ndi za a masamu okha. Kwa inu pepala loyera ndi ili: mukawerenga mutu umene mwapatsidwa, tsekani buku, lembani mizere isanu yonena zimene wolembayo akutsutsa kapena kuvomereza, ndi umboni umene wapereka. Mukalephera kulemba mizere isanuyo, maso okha ndiwo anadutsa pa tsambalo.

Ku tutoriyo gulu limakhala laling'ono, ndipo ndi malo okhawo kumene wina angaone pepala lanu. Ana ambiri a kwathu kuno amavutika kutsegula pakamwa pamenepa. Tinaleredwa kuti wamkulu akamalankhula umakhala chete, ndipo pali mantha akuti Chingerezi chathu chisekedwa ndi ana a m'tauni. Ulemuwo ndi wabwino ndipo musautaye, koma kufunsa funso la maphunziro si mwano. Munthuyo walembedwa ntchito kuti ayankhe. Akulu anati safunsa anadya phula. Chimene chimathandiza ndi kufunsa ndi pepala m'manja. Mukanena kuti "Sindinamve mutu wonsewu," palibe angadziwe poyambira. Mukanena kuti "Pa funso 7 ndafika pa mzere uwu, ndipo sindikuona chifukwa chake chizindikiro chatembenuka," muyankhidwa m'mphindi ziwiri. Alekichala ambiri amakhalanso ndi maola oonana ndi ophunzira, olembedwa pa chitseko cha ofesi kapena pa autilaini, ndipo nthawi zambiri maolawo amatha popanda wogogoda mpaka sabata ya mayeso.

Nthawi imachokera kuti

Zonsezi zimafuna maola, ndipo thaimutebulo ya ku yunivesite imanamiza. Tinene kuti muli ndi makozi anayi, iliyonse ndi maola atatu a lekicha ndi ola limodzi la tutoriyo, kuphatikizapo malabu atatu a maola atatu. Onse pamodzi ndi maola 25 pa sabata. Pa pepala pamaoneka mipata yambiri: lekicha 08:00, ina 11:00, labu 14:00. Mipata imeneyo si yopuma. Ndi pulepu yanu ija, kungoti palibe belu loilengeza.

Muyeso umene aphunzitsi ambiri amalangiza ndi maola awiri owerenga nokha pa ola lililonse la lekicha. Maola 12 a lekicha akufuna maola 24, kapena kuti maola anayi pa tsiku kwa masiku asanu ndi limodzi. Mukadikira usiku kuti mupeze maola anayiwo, mulephera. Mufika ku hositelo kapena ku nyumba ya lendi ku Kalingalinga mutatopa, muphike nsima, mutsuke mbale, m'chipinda muli anthu anayi kapena kuposa, wina akumvera nyimbo, mwina magetsi athima monga mmene ankathimira maola ambirimbiri mu 2024 madzi atachepa ku Kariba. Koma maola awiri a pakati pa 09:00 ndi 11:00 muli kale pa sukulu, mutu uli wozizira, laibulale ili pafupi. Amene amabwerera kuchipinda pa mpata umenewu kuti akagone pang'ono amataya maola abwino kwambiri a tsiku. Lembani mipatayi pa thaimutebulo ndi dzina la kozi ndi malo, monga "Lachiwiri 09:00, kemisitiri, laibulale," chifukwa mawu akuti "ndiwerenga ndikapeza nthawi" sakhala ndi tsiku.

Ntchito yoyamba pa mpata wotere ndi notsi za lekicha imene mwangotulukamo. M'chipinda chachikulu simungalembe zonse, ndipo musayese. Ngati masilaidi adzaikidwa pa Moodle, lembani zimene palibe pa silaidi: chitsanzo cha pa bolodi, pamene alekichala anati apa ambiri amalakwa, ndi chizindikiro cha funso pamene munasochera. Fikani msanga kuti mukhale m'mizere ya kutsogolo, chifukwa kumbuyo bolodi silioneka bwino ndipo ndi kumene kuli macheza. Kenako tsiku lomwelo, pasanathe maola 24, khalani mphindi makumi atatu kudzaza mipata m'notsimo pamene mawu akadali m'makutu. Mukadikira Loweruka mudzapeza mizere imene munalemba nokha koma simukuizindikira. Zili ngati kupalira m'mwezi wa Januwale: udzu wa masiku atatu umachoka ndi khasu mosavuta, wa masabata atatu umafuna ganyu.

Masilaidi ndi amene amanyenga anthu kuti asiye kupita ku lekicha. Munthu amati zonse zili pa foni, ndidzawerenga. Koma silaidi ndi mafupa okha a phunzirolo, ndipo kujomba kumabala kujomba: mukaphonya Lolemba, Lachitatu simumva chifukwa likumangidwa pa Lolemba, ndiye mumaona ngati kupita n'kutaya nthawi. Mukajomba kamodzi pa chifukwa chenicheni, bwerekani notsi tsiku lomwelo ndipo mudzaze mpatawo lekicha yotsatira isanafike.

Gulu lowerengera limodzi limathandiza likakhala la anthu atatu kapena anayi, ndipo aliyense abwere atayesa kale shiti payekha. Likafika anthu khumi limasanduka lekicha ina, mmodzi akulemba ena akuonera. N'zachibadwa kufuna anzanu a kwanu, olankhula chinenero chanu, ndipo kufotokozerana mfundo yovuta m'Chichewa kumaikhazika bwino m'mutu. Ingoonetsetsani kuti pomaliza mwailembanso m'Chingerezi, chifukwa ndi mmene idzafunsidwire. Chenjeraninso ndi malipoti a labu ndi maasayimenti: kukambirana n'kololedwa, koma mapepala awiri ofanana mawu ndi mawu amatha kupatsidwa 0 onse awiri, wokopera ndi wokoperedwa yemwe.

Pali nkhani ina imene imakhudza kwambiri ife ochokera kutali. Kumudzi kukagwa maliro, ulendo wa ku Lundazi, ku Chadiza kapena ku Vubwi umadya tsiku lathunthu kupita ndi lina kubwera, ndipo ndi mwambo wonse sabata imatha. Ku sekondale munkapempha chilolezo kwa aphunzitsi amodzi, nkhani n'kutha. Kuno muli ndi makozi anayi kapena asanu, iliyonse ndi mwini wake, ndipo palibe amene adzauze mnzake. Musananyamuke onani ngati m'masiku amenewo muli tesiti, kwizi kapena labu. Lembani kalata yaifupi kapena imelo kwa woyang'anira kozi iliyonse yokhudzidwa, muikemo dzina, nambala ya kompyuta, kozi ndi masiku amene muchokepo, ndipo sungani kope lake. Dziwitsaninso ofesi yoona za ophunzira. Mukadwala malungo, pitani ku kiliniki ya pa sukulu kuti pakhale pepala lokhala ndi deti, ngakhale mutakhala ndi mankhwala kale m'chipinda. Tesiti yolowa m'malo mwa imene mwaphonya, kumene imaperekedwa, imaperekedwa kwa amene ananena msanga ndipo ali ndi umboni. Amene amabwera patapita masabata atatu ndi nkhani ya pakamwa, ngakhale ikhale yoona ndi yomvetsa chisoni, kawirikawiri amapeza kuti mndandanda wa CA watsekedwa kale.